Pulogalamu yolosera mtengo wa chimanga: kodi anaiyesa bwanji?

Aliyense amene wasunga chimanga amakhala ndi funso limodzi: ndigulitse pano kapena ndidikire miyezi itatu? Ogula nawonso, kaya ndi mkulu woona za chakudya pasukulu yogonera kapena kampani yopanga chakudya cha nkhuku, amafunsa ngati agule tsopano kapena ayembekezere kuti mtengo utsika. Masiku ano pali mapulogalamu a pakompyuta amene amawadyetsa mitengo ya zaka zammbuyo kuti azilosera mitengo ya miyezi ikubwerayi. Wobwera nayo pulogalamu yotere sachedwa kutchula nambala yokoma. Amati anaiyesa, ndipo imaphonya ndi makwacha ochepa chabe pakilogalamu.

Nambala imeneyo ikhoza kukhala yowerengedwa molondola, wopanga pulogalamuyo osanamapo kalikonse, koma n'kukhala yopanda ntchito kwa inu. Zonse zagona pa mmene mayesowo anakonzedwera. Pali njira yoyesera imene ophunzira ambiri a zamakompyuta amayamba kuidziwa, ndipo pa ntchito zina ndi yabwino ndithu, koma pa manambala otsatizana ndi nthawi imatulutsa zotsatira zosangalatsa kuposa zoona. Pali njira inanso, yosendeza poimira, imene imatenga nthawi yochulukirapo koma imayankha funso lenileni la wosunga chimanga uja. Kuti mumvetse kusiyana kwa ziwirizi simufunika kukhala katswiri wa masamu. Kuphatikiza, kuchotsera ndi kugawa n'zokwanira.

Kusakaniza miyezi

Tiyambe ndi njira yozolowereka. Pulogalamu yolosera imaphunzira kuchokera ku zitsanzo. Mukaiyesa pa zitsanzo zomwezo zimene yaphunzirapo, ikhoza kungobwereza zimene yaloweza. Choncho akatswiri amagawa zitsanzo zawo pawiri: gawo lalikulu lophunzitsira, gawo laling'ono lobisa, limene pulogalamuyo iyenera kuyankha isanalionepo. Kawirikawiri magawo 80 mwa 100 amapita kophunzitsira, 20 otsalawo amakhala a mayeso, ndipo asanagawe amayamba asakaniza zitsanzo zonse kuti pasakhale kukondera. M'chida chotchuka cha chilankhulo cha Python chotchedwa `scikit-learn`, lamulo la `train_test_split` limasakaniza lokha, pokhapokha mutaliuza kuti lisatero.

Ngati muli ndi zithunzi za masamba a chimanga ochokera m'minda yosiyanasiyana, ena odyedwa ndi mbozi ena abwinobwino, kusakaniza kotereku kulibe vuto. Chithunzi cha tsamba la ku Kasungu sichikuuzani kanthu za tsamba la ku Mulanje. Mitengo ya mwezi ndi mwezi siili choncho. Mtengo wa Ogasiti umachokera pa mtengo wa Julayi, ndipo wa Seputembala umachokera pa wa Ogasiti. Munthu wodziwa miyezi iwiri ya m'mbaliyo wadziwa kale pafupifupi zonse za mwezi wapakatiwo.

Tiyerekeze kuti tili ndi mitengo ya pamsika umodzi kuyambira Januwale 2015 mpaka Disembala 2024. Mitengo yamtunduwu imalembedwadi. Mwachitsanzo bungwe la IFPRI limatulutsa lipoti la msika wa chimanga m'Malawi mwezi uliwonse. Zaka khumi ndi miyezi 120. Tikasakaniza n'kugawa monga mwa nthawi zonse, miyezi 96 ipita kophunzitsira, miyezi 24 ibisidwa. Koma miyezi yobisidwayo yamwazikana m'zaka zonse khumi. Masamu ake amaonetsa kuti pa miyezi itatu iliyonse yobisidwa, pafupifupi iwiri imakhala ndi mwezi wammbuyo ndi wakutsogolo womwe m'gawo lophunzitsira. Mwezi wobisidwa umene anzake a mbali zonse ziwiri abisidwanso umapezeka kanayi kokha pa 100. Kunena mwachidule, pulogalamuyo yalowa m'chipinda cha mayeso ndi likasa m'thumba.

Tione ndi manambala. Mitengo ili m'munsiyi ndi yongopeka kuti masamu aoneke bwino, koma ikutsata mmene chimanga chimachitira zaka zambiri: kukwera pang'onopang'ono anthu akatha kukolola, kukwera kwambiri m'miyezi ya njala, kenako kugwa chimanga chatsopano chikafika pamsika. Pakilogalamu, Juni K500, Julayi K530, Ogasiti K570, Seputembala K600, Okutobala K650, Novembala K760, Disembala K900, Januwale K980, Febuluwale K1,000, Malichi K940, Epulo K700, Meyi K620.

Tinene kuti kusakaniza kuja kwabisa Ogasiti, Disembala ndi Epulo. Mwana wa sitandade 6 akhoza kuyankha mayeso amenewa potenga nambala ya pakati pa miyezi iwiri yoyandikana. Pakati pa Julayi ndi Seputembala pali K565, ndipo mtengo weniweni wa Ogasiti ndi K570. Waphonya ndi K5. Pakati pa Novembala ndi Januwale pali K870, pamene Disembala ndi K900. Waphonya ndi K30. Pakati pa Malichi ndi Meyi pali K780, pamene Epulo ndi K700. Waphonya ndi K80. Tikaphatikiza n'kugawa patatu, kuphonya kwake ndi K38 pakilogalamu. Ndi nambala yoti munthu akhoza kuinyadira pamsonkhano.

Tsopano mwana yemweyo timuike pamene wosunga chimanga amaima. Ali kumapeto kwa Julayi, Seputembala sanafike. Chimene ali nacho ndi mtengo wa lero, ndiye anena kuti mwezi wamawa udzakhala womwewo. Pa Ogasiti aphonya ndi K40, pa Disembala ndi K140, pa Epulo ndi K240. Kugawa patatu, K140. Miyezi ndi yomweyo, mwana ndi yemweyo, koma kuphonya kwakula kuposa katatu, chifukwa chakuti tamulanda mtengo wa mwezi umene sunafike.

Wina anganene kuti kompyuta sichita zachibwana zotere. Imachita, ndipo imachita mwaluso kuposa mwanayo. Mapulogalamu ambiri amagwira ntchito pofufuza zitsanzo zofanana ndi chimene afunsidwa. Mukawapatsa chaka ndi mwezi monga zina mwa zowathandiza kulosera, zitsanzo zofanana kwambiri ndi Disembala 2023 zikhala Novembala 2023 ndi Januwale 2024. Palibe amene anailamula kuti ibere, koma njira yachidule yopezera yankho ndi imeneyo, ndipo idzaipeza. Ikayamba kugwira ntchito yeniyeni, Januwale uja kulibe, ndipo kuphonya kumabwerera pamlingo wake weniweni.

Kudula kamodzi sikukwanira

Anthu ambiri akazindikira vutoli amalikonza motere: amasiya kusakaniza, n'kudula mndandanda pamalo amodzi. Zaka zisanu ndi zinayi zoyamba n'zophunzitsira, chaka chomaliza n'cha mayeso. Apa zam'tsogolo sizilowanso m'zammbuyo, ndipo n'zabwino kuposa poyamba. Koma patsala vuto lina limene Leonard Tashman analifotokoza bwino m'chaka cha 2000, m'nkhani yake younikira njira zoyesera olosera. Mukaima pamalo amodzi okha, mumapeza yankho limodzi lokha la mwezi umodzi kutsogolo, limodzi la miyezi iwiri kutsogolo, limodzi la miyezi itatu. Chiweruzo chanu chonse chimadalira zimene zinachitika panthawi imeneyo. Mukadula mndandanda chaka cha chilala, mwayesa pulogalamu pa chilala chokha. Mukaudula chaka cha zokolola zambiri, simunaione mmene imachitira pa njala.

Mankhwala ake ndi kusendeza poimirapo. Mumasankha mwezi wina wammbuyo n'kuutenga ngati ndi lero. Zonse za kutsogolo kwa mweziwo mumaziphimba. Mumaphunzitsa pulogalamu ndi zimene zinalipo kufika mwezi umenewo, mumaiuza kuti ilosere, mumalemba yankho lake, kenako mumavundukula mtengo weniweni n'kulemba mmene yaphonyera. Mukatero mumasendera kutsogolo ndi mwezi umodzi. Mwezi umene unali wa mayeso uja tsopano walowa m'gulu lophunzitsira, chifukwa m'moyo weniweni mukanakhala mutaudziwa. Mumabwereza zomwezo mpaka mndandanda utatha.

Tiyese pa mitengo yathu ija, tipikisanitse njira ziwiri zosavuta. Yoyamba imati mtengo wa mwezi wamawa ndi womwewu wa lero. Yachiwiri imati mtengo upitiriza kuyenda monga wayendera mwezi wathawu: ngati wakwera ndi K30, ukweranso ndi K30.

Taima kumapeto kwa Seputembala, mtengo uli pa K600, wakwera ndi K30 kuchokera mu Ogasiti. Njira yoyamba ikuti K600, yachiwiri ikuti K630. Tivundukula Okutobala: K650. Yoyamba yaphonya ndi K50, yachiwiri ndi K20. Tisendera mu Okutobala. Yoyamba ikuti K650, yachiwiri ikuti K700, Novembala weniweni ndi K760. Kuphonya K110 ndi K60. Tisenderanso mu Novembala. Yoyamba K760, yachiwiri K870, Disembala weniweni K900; kuphonya K140 ndi K30. Munthu amene akanadula mndandanda wake kamodzi kokha, pa Novembala pamenepa, akanalumbira kuti njira yachiwiri ndi yodabwitsa.

Pitirizani kusendeza. Taima mu Januwale pa K980, mtengo utakwera ndi K80. Yachiwiri ikuti K1,060, koma Febuluwale ndi K1,000. Yaphonya ndi K60, pamene yoyamba yaphonya ndi K20 yokha. Taima mu Epulo pa K700, mtengo utagwa ndi K240. Yachiwiri ikuti ugwanso chimodzimodzi kufika pa K460, koma Meyi ndi K620. Yaphonya ndi K160, yoyamba ndi K80. Amene akanadula pa Epulo yekha akanaitaya njira yachiwiri osaiyang'ananso.

Tikatenga malo onse asanu ndi atatu, kuyambira Seputembala mpaka Epulo, njira yoyamba yaphonya ndi K780 yonse pamodzi, kutanthauza pafupifupi K98 mwezi uliwonse. Yachiwiri yaphonya ndi K650, pafupifupi K81 pamwezi. Yachiwiri yapambana, koma osati ndi mtunda umene Novembala yekha anaonetsa. Ndipo mndandanda wa zophonyazo watiuza chinthu chimene nambala imodzi sikanatiuza: njira yachiwiri inapambana kanayi motsatizana pamene mtengo unkakwera, kenako inagonja katatu pa miyezi inayi yomaliza, pamene mtengo unkatembenuka. Kwa ine phindu lalikulu la njira yosendeza poimira lili pamenepa. Wosunga chimanga saopa miyezi imene mtengo ukungokwera. Amaopa kukhala ndi matumba m'nyumba tsiku limene mtengo watembenuka. Pulogalamu imene imachita bwino miyezi yonse koma n'kumaphonya potembenukira ndi yoopsa kwa iye, ngakhale nambala yake yapakati ikhale yokongola.

Pa zaka khumi zathunthu

Tibwerere ku miyezi 120 ija. Choyamba kusankha ndi kutalika kwa ulosi, ndipo amene amasankha ndi mwini ntchito, osati wopanga pulogalamu. Ngati funso ndi la kusunga chimanga miyezi itatu, mayeso akhale a miyezi itatu kutsogolo. Kulosera mwezi umodzi n'kosavuta poyerekeza ndi itatu. M'chitsanzo chathu, munthu woima mu Seputembala n'kunena kuti mtengo sudzasintha aphonya Okutobala ndi K50, koma Disembala amuphonya ndi K300. N'chifukwa chake zophonya za mwezi umodzi, miyezi iwiri ndi miyezi itatu zimawerengedwa padera, gulu lililonse palokha. Wina akakupatsani nambala imodzi osatchula kuti ndi ya miyezi ingati kutsogolo, sanakuuzeni kanthu.

Chachiwiri ndi poyambira. Pulogalamu iyenera kukhala ndi zaka zokwanira zoti ione nyengo yokolola ndi ya njala kangapo isanayambe kufunsidwa. Tinene kuti tiipatsa zaka zisanu, miyezi 60, kuyambira Januwale 2015 mpaka Disembala 2019. Poimira poyamba ndi Disembala 2019, ndipo ilosera Malichi 2020. Pachiwiri ndi Januwale 2020, ilosera Epulo 2020. Pomaliza ndi Seputembala 2024, ilosera Disembala 2024. Onse pamodzi ndi mayeso 58. Kwa odziwa Python, chida chomwe chija chili ndi lamulo lokonzera magawo oterewa:

```python
from sklearn.model_selection import TimeSeriesSplit
magawo = TimeSeriesSplit(n_splits=58, test_size=1, gap=2)
```

Apa `n_splits=58` ndi chiwerengero cha mayeso, `test_size=1` akutanthauza mwezi umodzi woyesera nthawi iliyonse, ndipo `gap=2` akusiya miyezi iwiri pakati pa mwezi womaliza wophunzitsira ndi mwezi woyeserawo, kuti ulosi ukhaledi wa miyezi itatu kutsogolo. Ogwiritsa ntchito chilankhulo cha R ali ndi lamulo la `tsCV` m'chida cha `forecast` cha Rob Hyndman wa ku yunivesite ya Monash ku Australia. Koma ntchito yomweyi itheka ndi pepala ndi pensulo, monga tachitira pamwambapa.

Taonani zimene zili mkati mwa mayeso 58 amenewa. Muli Meyi 2022, pamene ndalama ya kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti. Muli Malichi 2023, pamene namondwe wa Freddy anasakaza minda m'chigawo cha kummwera. Muli Novembala 2023, pamene kwacha inatsitsidwanso ndi 44 peresenti. Muli chilala cha 2024, chimene chinachititsa boma kulengeza kuti maboma 23 mwa 28 ali pangozi. Pa njira yosakaniza ija, pulogalamu imaphunzira mitengo ya pambuyo pa zochitika zimenezi kenako n'kufunsidwa za miyezi ya pakati pake, ngati kuti inadziwiratu. Pa njira yosendeza poimira, imakumana nazo modzidzimuka monga mmene wamalonda aliyense anakumanirana nazo, ndipo timaona kuti inatenga miyezi ingati kuti ibwerere m'njira.

Zochitika zomwezi zimadzutsa funso lachitatu: posendera kutsogolo, kodi zakale zonse tizisunge kapena tizitaya zakale kwambiri? Njira ina imasunga zonse, gawo lophunzitsira n'kumakula mwezi ndi mwezi kuchokera pa 60 kufika pa 117. Njira ina imasunga miyezi 60 yaposachedwa yokha. Mwezi watsopano ukalowa, wakale kwambiri umatuluka, ndipo m'lamulo lija mumangowonjezera `max_train_size=60`. Kusunga zonse kumathandiza pulogalamu kukumbukira zaka zosowa, monga chilala cha 2016. Kutaya zakale kumathandiza pamene msika wasinthiratu khalidwe, monga ndalama ikagwa mphamvu. Palibe yankho limodzi loyenera misika yonse. Muyese ziwiri zonsezo pa malo oimira omwewo, muone imene ikuphonya pang'ono.

Kugwa kwa ndalama kumakhudzanso muyeso wa kuphonya. Kuphonya ndi K100 chimanga chili pa K200 ndi tsoka, pamene kuphonya ndi K100 chili pa K1,000 n'kopiririka. Mukaphatikiza makwacha a zaka zisanu osaganizira zimenezi, zaka za mitengo yokwera zimaphimba zina zonse. Ena amawerengera kuphonya m'maperesenti. Njira imene ine ndimaikonda ndi yofanizira pulogalamu ndi wolosera wosavuta uja, wonena kuti mtengo ukhala momwe ulili lero, pa malo oimira omwewo ndi kutalika komweko. Ngati wosavutayo akuphonya ndi 100 pamene pulogalamu ikuphonya ndi 95, muyenera kudzifunsa ngati kusiyanako n'koyenera ndalama zimene mukulipira. Musadabwe ikagonja n'komwe. Pa mipikisano ya olosera imene Spyros Makridakis anayambitsa mu 1982, kuphatikizapo wa mu 2000 umene unali ndi mindandanda 3,003, zinaoneka kuti njira zovuta sizinkaposa njira zosavuta nthawi zonse.

Mipata imene zam'tsogolo zimalowerabe

Kusendeza poimira pakokha sikutseka zitseko zonse. Lamulo lake ndi limodzi, ndipo n'lovuta kulisunga kuposa kulinena: pamalo alionse oimira, pulogalamu ione zokhazo zimene munthu akanakhala nazo m'manja tsiku limenelo.

Taganizirani za mvula. Wopanga pulogalamu akuona kuti mvula ya Januwale ndi Febuluwale imakhudza mtengo wa Malichi, ndiye akuiika m'gulu la zothandizira kulosera. M'faelo yake mvulayo ilimo kale, chifukwa zaka zimenezo zinadutsa. Koma munthu woima mu Disembala sadziwa kuti mu Febuluwale kudzagwa mvula yochuluka bwanji. Chimene angakhale nacho ndi ulosi wa a zanyengo basi. Mayeso ogwiritsa ntchito mvula yeniyeniyo aonetsa pulogalamu yanzeru imene sidzakhalapo. Lamulo la pakompyuta lija silingakutetezeni pamenepa, chifukwa limagawa mizere ya faelo, silifufuza zimene mwalemba mumzere uliwonse.

Chimodzimodzi ndi kuchedwa kwa malipoti. Mtengo wa mwezi wathunthu umadziwika mweziwo utatha, ndipo lipoti lake limafika patapita masiku ena. Ngati pa ntchito yeniyeni mudzakhala mukulosera ndi mitengo yochedwa ndi mwezi umodzi, mayeso anu achedwetsenso mitengo ndi mwezi umodzi. Ziwerengero za zokolola nazo zimatuluka m'magawo, ndipo zoyamba zimasinthidwa nyengo ikamapita. Faelo ya lero imakhala ndi chiwerengero chomaliza, chimene munthu wa mu Febuluwale chaka chimenecho analibe.

Mpata wina ndi wobisika kwambiri, ndipo umalowa pokonza manambala mayeso asanayambe. Mwezi wina mtengo sunalembedwe, ndiye wokonza faelo waikapo nambala ya pakati pa mwezi wammbuyo ndi wakutsogolo. Kapena wachepetsa manambala onse powagawa ndi mtengo wokwera kwambiri wa zaka khumi zonse, umene unachitika chakumapeto. Zonsezi zimanong'oneza pulogalamu za kumene mitengo ikupita. Kukonza kulikonse kotere kuyenera kuchitika mwatsopano pamalo alionse oimira, ndi manambala a kumbuyo okha.

Pomaliza pali mpata umene umalowera mwa munthu mwiniwake. Wayesa pulogalamu pa malo 58, sizinamukomere, waisintha pang'ono, wayesanso. Akachita zimenezi maulendo makumi angapo, mtundu umene wapambana ukhoza kukhala woti wangogwirizana mwamwayi ndi miyezi imeneyo. Choncho ndi bwino kupatula miyezi yomaliza, tinene 12 kapena 18, osaikhudza mpaka kusankha konse kutatha, ndipo kenako kuyesapo kamodzi kokha.

Mungadziwe bwanji kuti chinachake chalowa? Chizindikiro chachikulu ndi chakuti kuphonya sikukula ulosi ukamatalika. Pa mitengo ya msika, kulosera miyezi isanu ndi umodzi kuyenera kuphonya kwambiri kuposa kulosera mwezi umodzi, zikafanana, fufuzani. China ndi pulogalamu imene ikuoneka kuti inadziwiratu zinthu zimene palibe akanazidziwa, monga kukwera kwa mitengo kotsatira namondwe. Mukaona mzere wa ulosi ukukhota pamodzi ndi mzere weniweni mwezi womwewo, popanda kuchedwa ngakhale pang'ono, kayikirani mayesowo musanayamikire pulogalamuyo.

Malire ake

Njirayi ili ndi zofooka zake. Imadya nthawi, chifukwa pulogalamu iyenera kuphunzitsidwa ka 58 m'malo mwa kamodzi. Pa mitengo ya mwezi ndi mwezi zimenezi si kanthu, koma pa manambala a ola lililonse, monga a kagwiritsidwe ntchito ka magetsi, anthu amasendera ndi sabata kapena mwezi wathunthu, kapena amaphunzitsanso pulogalamu mwa apo ndi apo. Chofunika n'chakuti mayeso atsanzire mmene pulogalamuyo idzagwirire ntchito. Ngati mudzaiphunzitsanso kamodzi pachaka, muiyesenso choncho.

Mayeso 58 aja nawonso si mboni 58 zosadziwana. Ulosi wa Disembala kupita Malichi ndi wa Januwale kupita Epulo amagawana miyezi iwiri, motero chinthu chimodzi chodzidzimutsa chimawononga maulosi atatu otsatizana. Ndipo m'zaka zisanu muli nyengo zokolola zisanu zokha. Mapulogalamu awiri akasiyana pang'ono pa mayeso otere, musafulumire kunena kuti ina yapambana. Yang'anani chaka ndi chaka ngati yopambanayo ikupambanadi kawirikawiri, kapena yangonyamulidwa ndi chaka chimodzi.

Tiyeneranso kunena chilungamo kwa njira yosakaniza. Mu 2018 Christoph Bergmeir, Rob Hyndman ndi Bonsoo Koo anaonetsa kuti pa mapulogalamu amene amalosera pogwiritsa ntchito manambala ammbuyo a mndandanda womwewo okha, kugawa mosakaniza kukhoza kupereka chiweruzo chabwino, malinga ngati zophonya zake sizikutsatana mwadongosolo. Zimenezi zimathandiza pamene manambala ndi ochepa kwambiri. Koma mfundo yotere imaima bwino pa mndandanda umene khalidwe lake silisintha ndi zaka. Mtengo wa chimanga m'dziko limene ndalama yake yagwa kawiri m'miyezi 18 si mndandanda wotero, ndipo ine sindingaike ndalama za gulu la alimi pa chiweruzo chochokera m'kusakaniza.

Palibe mayeso a zakale amene angalonjeze za chaka chamawa. Amangokuuzani mmene pulogalamu ikanachitira pa zaka zimene zinadutsa, ikanakhala kuti inalipo. Umboni wolimba kuposa wonse umabwera pulogalamu ikayamba ntchito, ndipo suvuta kusonkhanitsa. Inu amene muli m'komiti ya kopaletivi kapena mu ofesi yogula chakudya, gulani kope limodzi. Mwezi uliwonse lembani tsiku, mtengo wa tsikulo, ndi mtengo umene pulogalamu yanena kuti udzakhalapo pakatha miyezi itatu. Miyezi itatuyo ikakwana, lembani mtengo weniweni pambali pake, muchotsere, ndipo muchotserenso pa mtengo wa tsiku munalemba lija kuti muone amene waphonya kwambiri. Musafufute mzere uliwonse, ndipo musaweruze kopelo lisanadutse nyengo yokolola imodzi.